Mwavomera kale ntchito kwina? Auzeni enawo m'mizere inayi

Munthu wofuna ntchito masiku ano satumiza kalata imodzi n'kupinda manja. Akaona mu nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times kuti kwinakwake akufuna anthu, kapena mnzake akamugawira uthenga pa WhatsApp, amatumiza kulikonse kumene mapepala ake angalowe. Makalata ambiri sayankhidwa n'komwe. Koma nthawi zina malo awiri amadzuka pamodzi: kuno akuti bwerani mudzasayine, uko akuti bwerani ku intaviyu Lachiwiri. Munthu akasankha kumodzi n'kuvomera, pamatsala kantchito kamene ambiri amakanyalanyaza, kouza enawo kuti asamuwerengerenso.

Kantchitoko ndi imelo ya mizere inayi kapena isanu. Kuilemba sikutenga mphindi khumi, ndipo sikulira Chingerezi chakuya. Komabe anthu amalakwitsapo. Ena amaitumiza msanga, ntchito yatsopanoyo isanagwirike. Ena saitumiza n'komwe, amangozimitsa foni tsiku la intaviyu. Palinso amene amailemba ndithu, koma n'kuidzaza ndi nkhani zimene zimadzawatsata pambuyo pake.

Kuti timvetse kuipa kwa kukhala chete, tiyenera kusuzumira mu ofesi yolemba anthu ntchito. Malo amodzi akalengezedwa, makalata amabwera mulu. Wina amakhala pansi n'kuwasefa mpaka atsale ochepa, mwina asanu kapena asanu ndi mmodzi, oti aitanidwe. Kenako amafunafuna tsiku limene mabwana onse ofunsa mafunso angapezeke pamodzi, ndipo zimenezi pazokha zimatha kudya sabata yathunthu. Woitanidwa aliyense amapatsidwa nthawi yake, mwina theka la ola. Mukapanda kubwera osanena, akuluakulu atatu kapena anayi amakhala akuyang'ana kuchitseko, mlembi ali kalikiliki kuimba foni yanu yosayankhidwa.

Koma wopwetekeka kwenikweni sali m'chipindamo. Ndi uja amene dzina lake linali lotsatira pamndandanda, amene anasiyidwa chifukwa chiwerengero cha oitanidwa chinakwana. Mukanena Lachinayi kuti Lachiwiri simubwera, ofesi imakhala ndi nthawi yomuimbira, iyeyo n'kusakasaka ya basi kuchokera ku Nsanje kapena ku Karonga. Mukakhala chete, mwayi umenewo umangowola popanda woudya. Kwa ine, chimenechi ndiye chifukwa chachikulu cholembera imeloyi, m'dziko limene achinyamata ophunzira amatha zaka akuzungulira m'maofesi ndi envulopu ya khaki m'khwapa.

Ngati intaviyu munachita kale ndipo mukungodikira zotsatira, nkhaniyo imakula. N'kutheka kuti dzina lanu ndilo lili pamwamba, akuimbira anthu okuchitirani umboni, kalata yanu ili pa tebulo la bwana kudikira sayini. Olemba ntchito ambiri amasunga dzina la amene wakhala wachiwiri ndi wachitatu. Akadziwa msanga kuti inu mwachoka, amamufikira wachiwiriyo asanapite kwina. Akadziwa mochedwa, amatha kuyambiranso pachiyambi, kulipira nyuzipepala kachiwiri, ntchito ili chiimire. Ndipo musaiwale kuti anthu a ntchito imodzi m'Malawi muno amadziwana. Maakauntanti, anamwino, amisiri a makompyuta amakumana m'misonkhano imodzimodzi, ndipo mayi amene lero akulemba anthu ku bungwe ili, zaka zitatu zikubwerazi akhoza kudzakhala ku kampani imene mudzakhale mukuifunitsitsa.

Nthawi yake ndi iti?

Funso lovuta pa nkhani yonseyi ndi limeneli, ndipo tiliyankhe ndi chitsanzo. Tiyerekeze mtsikana wa ku Zomba amene ali ndi dipuloma ya zowerengera ndalama. Pa makalata onse amene anatumiza, awiri ayankhidwa. Kampani ina ya ku Kanengo, ku Lilongwe, inamufunsa kale mafunso masabata awiri apitawo. Bungwe lina la ku Mangochi lamuitana ku intaviyu Lachiwiri la sabata yamawa, pa 15 Epulo, 10 koloko m'mawa.

Lolemba masana foni ikulira. Ndi a ku Kanengo: "Mwapambana, kalata yanu ikubwera." Chimwemwe chake n'chomveka, ndipo auze amayi ake ndithu. Koma a ku Mangochi asawalembere usiku umenewo. Amene waimba foniyo kawirikawiri si mwini mawu omaliza. Pamwamba pake pali bwana woti asayine, mwina palinso komiti yoti ivomereze malipiro. Komanso pafoni paja sanamve zonse. Kalata ikafika akhoza kupeza kuti ndalama imene anatchulirana ku intaviyu inali yosadula msonkho, kapena kuti ntchitoyo ndi ya miyezi isanu ndi umodzi yokha, kapena kuti adzakhala ku nthambi ya kutali imene sanaiganizire. Akadakhala kuti watseka kale khomo la ku Mangochi, sakanakhala ndi pothawira, ndiponso sakanakhala ndi mphamvu yokambirana.

Lachitatu kalata yafika pa imelo. Aiwerenge modekha, kawiri. Ayang'ane dzina la udindo, malipiro, tsiku loyamba, malo ogwirira ntchito, kutalika kwa kontirakiti ndi miyezi yoyesedwa. Kenako afufuze mawu aliwonse onena kuti ntchitoyi idzatsimikizika pokhapokha chinachake chitachitika, chifukwa pamenepa m'pamene anthu ambiri amapunthwa. Zodalira zimenezi si zofanana. Zina zili m'manja mwake: kutsimikiza kuti masatifiketi ake ndi enieni, kumva kwa anthu omuchitira umboni, kupereka kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mlandu. Ngati akudziwa kuti mapepala ake ndi oyera ndipo omuchitira umboni anawachenjeza kale, sindikuona chifukwa chozengerezera. Koma zina sizili m'manja mwake ngakhale pang'ono, makamaka mawu akuti ntchito idzayamba ndalama za opereka thandizo zikavomerezedwa. Kalata yotere ndi lonjezo lodalira anthu ena amene iye sadzawaona. Amene anali m'mabungwe mu 2025, pamene boma la Amerika linaimitsa thandizo lodzera ku USAID, akudziwa mmene mapulojekiti anaimira mwadzidzidzi, anthu n'kubwerera kunyumba. Kalata ikakhala ya mtundu umenewo, mtsikana wathu afunse tsiku limene zidzatsimikizike, ndipo pakadali pano apite ku Mangochi Lachiwiri ndi mtima woyera. Sakunamiza munthu, chifukwa ntchito sanaipeze.

Chinanso choti aonetsetse asanachotse dzina lake kulikonse n'chakuti kalatayo ndi yeniyeni. Wolemba ntchito woona sakuuzani kuti mutumize ndalama pa foni kuti malo anu asungidwe, kapena kuti mulipiriretu yunifomu ndi maphunziro musanaone n'komwe ofesi yake. Mukaona zotero, ndipo intaviyu yeniyeni simunachitepo, imbani nambala ya kampaniyo imene mwaipeza panokha, osati imene ili pa kalatayo.

Tinene kuti kalata ya ku Kanengo ilibe chokayikitsa. Lachinayi m'mawa mtsikana uja wasayina, waijambula, waitumiza, ndipo a kampani ayankha kuti alandira, tionana pa 2 Meyi itadutsa holide. Tsopano ndiye wavomera ntchito. Imelo ya ku Mangochi ipite tsiku lomwelo, ofesi isanatseke, kuti iwo akhale ndi Lachisanu ndi Lolemba loitanira munthu wina.

Pali mfundo ziwiri za m'lamulo zimene n'zothandiza kuzidziwa pano. Lamulo la ntchito la dziko lino la chaka cha 2000 limakakamiza wolemba ntchito kupatsa wantchito wake chikalata chofotokoza za ntchitoyo pasanathe mwezi umodzi chiyambireni. Izi zikutanthauza kuti ena amakuuzani kuti ingobwerani Lolemba, mapepala tidzakonza muli mkati. Ngati muli ndi khomo lina loti mutseke, musachite manyazi kupempha kuti akulembereni ngakhale imelo yachidule yotchula udindo, malipiro ndi tsiku loyamba. Lamulo lomwelo limalola kuti munthu wa ntchito yaluso ayesedwe kwa nthawi yosapitirira miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyo mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Choncho ngakhale kalata yosayina si chitsimikizo chakuti zonse zidzayenda. N'chifukwa chake khomo la ku Mangochi liyenera kutsekedwa mwaulemu, kuti tsiku lina adzathe kugogodanso popanda kugwetsa nkhope.

Ena amatenga mfundo yomweyi n'kuipotoza. Amati poti za mawa sizidziwika, ndisayine kuno koma uko ndipitirizebe, ndione kumene kudzanone. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Munthu amene wayamba ntchito pa 2 Meyi n'kupempha tchuthi chabodza sabata yachiwiri kuti akachite intaviyu kwina amakhala akuseweretsa ntchito imene ali nayo kale, pa nthawi imene angathe kuchotsedwa popanda notisi. Ngati mtima wake uli ku Mangochi kwenikweni, njira yoongoka inalipo asanasayine: kupempha a ku Kanengo sabata imodzi yoganizira, ndi kuuza a ku Mangochi kuti wapatsidwa ntchito kwina ndipo ayenera kuyankha pofika tsiku lakuti. Imeneyo ndi kalata ina, ya munthu amene sanasankhe. Imene tikukamba pano ndi ya munthu amene wasankha kale.

Kalatayo

Maofesi ambiri kuno amalemberana m'Chingerezi, ndipo muyankhe m'chinenero chimene anakulemberani. Koma mafupa a kalatayi sasintha, choncho tiiyale m'Chichewa kuti tione ntchito ya mzere uliwonse. Mtsikana uja alembe motere:

Mayi Uje,

Zikomo pondiitana ku intaviyu ya ntchito ya wothandiza akauntanti, nambala AA/03, Lachiwiri pa 15 Epulo, 10 koloko m'mawa. Ndikukudziwitsani kuti ndavomera ntchito kwina, choncho sindidzabwera, ndipo ndikupempha kuti muchotse dzina langa pamndandanda wa ofuna ntchitoyi. Ndathokoza kwambiri chifukwa cha nthawi imene munatenga poona mapepala anga. Ndidzakondwa kudzafunsiranso ntchito ku bungwe lanu mpata ukadzapezeka m'tsogolo.

Ine wanu,

Pansi pake alembe dzina lake lonse monga liliri pa kalata yofunsira ntchito, ndi nambala yake ya foni. Basi, yatha.

Mzere woyamba ukuoneka ngati moni chabe, koma ntchito yake ndi kuthandiza wowerenga kukupezani. Mayi Uje mwina akulemba anthu pa maudindo anayi nthawi imodzi, dalaivala, mlonda, wothandiza akauntanti ndi mlangizi wa kumudzi. Mukangoti "ndasiya kufuna ntchito ija", ayamba kufukula mafayilo kuti adziwe kuti ndinu yani. Dzina la udindo, nambala imene inali pa chilengezo, tsiku ndi ola la intaviyu zimawathandiza kufufuta dzina loyenera mu mphindi imodzi. Za dzina lanu samalani: ngati mapepala anu ali ndi dzina la bambo anu koma imelo yanu ili ndi dzina la kubanja kumene munakwatiwa, kapena dzina lamasewera la kusukulu, lembani la pamapepala.

Mzere wachiwiri ndiwo mwini nkhani, ndipo ndi umene umativuta ife. Tinaleredwa kuti wamkulu sumukanira pamaso, umazungulira kaye, umapepesa, umasiya kampata kuti asakhumudwe. Pakhomo ulemu umenewo ndi wabwino. Mu imelo iyi umabweretsa chisokonezo. Munthu akalemba kuti "zikuoneka ngati mwina zindivuta kubwera chifukwa pali zina zimene zikuchitika", Mayi Uje sadziwa chochita. Kodi akufuna tsiku lina? Kodi alibe ya basi? Kodi akufuna timunyengerere? Amaimba foni, kapena amasunga malo anu mpaka Lachiwiri, ndiye kuti imeloyo sinagwire ntchito iliyonse. Mawu awiri ayenera kuoneka poyera: ndavomera, ndiponso muchotse. Ulemu uli m'mizere yozungulira, ndipo ndi wokwanira.

Kodi n'koyenera kutchula chifukwa? Simukakamizidwa. Mutha kungoti mukuchotsa dzina lanu. Koma ine ndimaona kuti kunena kuti mwavomera ntchito kwina n'kwabwino kuposa kubisa, chifukwa ndi chifukwa chimene wolemba ntchito aliyense amachimva popanda kukhumudwa. Chimatsekanso mafunso. Sayamba kudzifunsa ngati wina mu ofesi mwawo anakulankhulani moipa, kapena ngati mwamva mbiri yoipa ya bungwe lawo.

Mzere wothokoza ukhale umodzi. Ngati munafika kale ku intaviyu, muthokozenso gulu limene linakufunsani mafunso, ndipo mukafuna tchulani chinthu chimodzi chenicheni chimene munachiona, monga mmene anakufotokozerani za ntchito yawo ya m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Mzere womaliza, wonena za m'tsogolo, muulembe pokhapokha ngati mukunenadi zoona. Ngati malowo simunawakonde, usiyeni, kalata ithere pa kuthokoza.

Zosalowa m'kalatayi n'zambiri kuposa zolowa. Dzina la kumene mukupita musatchule. Simunayambe n'komwe, ndipo simudziwa amene akudziwana ndi yani. Malipiro atsopano musatchule, chifukwa mukangowatchula kalata yanu imasanduka yotsatsa, ngati mukuti onjezerani ndibwere. Madandaulo nawonso akhale panja. Mwina anakusungani miyezi itatu osayankha, mwina anakudikiritsani pa benchi kuyambira 8 koloko mpaka dzuwa kupendeka. Kuwawa kwake n'koona, koma imelo imeneyi imasungidwa m'fayilo, ndipo wodzaiwerenga zaka ziwiri zikubwerazi adzangoona mkwiyo wanu, benchi lija sadzaliona. Akakufunsani okha maganizo anu pa kayendetsedwe kawo, pamenepo mutha kunena modekha.

Kupepesa kwa ndime zitatu n'kosafunika, chifukwa simunalakwe. Kufunsira ntchito si kulumbira, ndipo iwonso akanakusiyani popanda kupepesa akanapeza wina wowakomera. Choipitsitsa ndi bodza. Ena poopa kunena zoona amanamizira maliro, matenda kapena kusamuka. Mwezi wamawa mudzakumana nawo pa mzere wa ku banki mutavala baji ya kampani ina, ndipo chinthu chimene sichinali mlandu chidzasanduka mlandu.

Kuti ifike kwa mwini wake

Kalata yabwino ikapita ku adiresi yolakwika ndi chimodzimodzi osalemba. Njira yosavuta ndi kutsegula imelo imene anakuitanirani ku intaviyu n'kudina `Reply`. Mukatero mbiri yonse ya zokambirana zanu imakhala pansi pake, ndipo wolandira amakuzindikirani nthawi yomweyo. Komabe sinthani mutu wake, kapena onjezani mawu kutsogolo kwake, kuti wongoyang'ana pa foni adziwe nkhani asanatsegule. M'Chingerezi mawu ozolowereka ndi `Withdrawal of application`, kenako dzina la udindo ndi dzina lanu.

Musanadine chilichonse, yang'anani amene alandire. Maofesi ena amaitana anthu onse asanu ndi imelo imodzi, maadiresi awo ali poyera. Mukadina `Reply All`, anzanu onse opikisana nawo adziwa nkhani yanu. Yang'ananinso ngati adiresi imene inakulemberani ili ndi mawu akuti `noreply`. Imeneyo ndi ya makina, palibe munthu amaiwerenga. Zikatero fufuzani dzina ndi adiresi ya munthu m'kati mwa uthengawo, kapena bwererani ku adiresi imene inali pa chilengezo cha ntchito. Ngati munalankhulapo ndi anthu awiri, wa ku ofesi yolemba anthu ndi bwana wa nthambi imene mukanagwirako, lemberani woyambayo, winayo mumuike pa `Cc`.

Mabungwe akuluakulu ena salandira makalata pa imelo, amafuna mudzaze fomu pa intaneti. Kumeneko nthawi zambiri mumapezeka batani lochotsera dzina, lolembedwa `Withdraw`. Lidineni, koma dziwani kuti m'makina ena mukachotsa simungabwezeretsenso pa ntchito yomweyo, choncho tsimikizani kuti mwasankha udindo woyenera ngati munafunsira angapo. Ngati munalankhulanapo kale ndi munthu, batani lokha silikwanira, mulembereninso. Ntchito za boma, zodzera m'makomishoni olemba aphunzitsi, a zaumoyo kapena a m'makhonsolo, kawirikawiri zimafunsiridwa pa kalata ya papepala. Mawu ake ndi omwewa, kungoti mulembe kwa mlembi wa komishoniyo, pa adiresi imene munatumizako poyamba, ndipo musunge kope.

Mukatumiza, tsimikizani kuti yapitadi. Netiweki ikamavuta kapena bandulo ikatha pakati, imelo imatha kukhala mu `Outbox` kapena mu `Drafts` inu mukuyesa kuti inafika kalekale. Tsegulani `Sent` muione ndi maso. Pa Gmail, adiresi ikakhala yolakwika mumalandira uthenga wochokera ku `Mail Delivery Subsystem` wonena kuti sinafike, ndipo ambiri amaudumpha osauwerenga. Mukazindikira cholakwika mutangodina kumene, pansi pamaoneka mawu akuti `Undo` kwa masekondi ochepa okha, ndipo amenewo ndiwo mwayi wokhawo woibweza.

Nthawi ikakhala yochepa, imelo payokha siikwana. Tiyerekeze kuti kalata ya ku Kanengo inachedwa, mtsikana uja wasayina Lolemba madzulo, intaviyu ili mawa lake 10 koloko. Mayi Uje akhoza kudzatsegula imelo zawo atatuluka kale m'chipinda cha intaviyu. Pamenepa aimbe foni: "Mayi, ndine uje, munandiitana ku intaviyu mawa 10 koloko. Ndavomera ntchito kwina, ndiye sindibwera. Ndati ndikuuzeni msanga, imelo ndikutumizirani pompano." Foni ndi yofulumiza uthenga, imelo ndi yosunga umboni, ndipo pa nthawi yotere zonse ziwiri zimafunika. Uthenga wa pa WhatsApp ndi woyenera ngati iwowo ndi amene anayamba kukulemberani kumeneko, koma ukhale mawu olembedwa bwinobwino, osati mawu ojambula.

Pali anthu ena awiri kapena atatu oyenera kumva kuchokera pakamwa panu. Ngati alipo amene anakunenererani ku bungwelo, kaya ndi amalume anu, kaya bwana wanu wakale, aimbireni musanatumize imelo. Iwo anaika dzina lawo pa inu, ndipo si bwino kuti akamve kwa anzawo a mu ofesi kuti munthu wawo uja anachoka. Okuchitirani umboni nawonso auzeni, kuti asavutike kudzaza mafomu a ntchito imene simuifunanso. Ndipo ngati bungwe linakutumiziranitu ndalama ya ulendo, onjezani mzere umodzi wofunsa njira yoibwezera, n'kuibweza sabata yomweyo.

Akayankha, ndi akapanda kuyankha

Kawirikawiri yankho limakhala la mzere umodzi, lothokoza ndi kukufunirani zabwino. Silifuna kuyankhidwanso. Nthawi zina sayankha n'komwe, ndipo ngati intaviyu ili pafupi, foni imodzi yofunsa ngati uthenga unafika ndi yokwanira.

Koma zimachitikanso kuti foni imalira, ndipo bwana mwini wake akuti: "Mwapita kuti? Akukupatsani zingati? Ifetu timakufunani, tikambirane." Pamenepa munthu amasokonezeka, makamaka ngati ndalama imene akutchula ndi yoposa. Mafunso awiri oyambawo simukakamizidwa kuyankha. Mutha kunena kuti, "Bwana, ndathokoza kwambiri, koma ndinasayina kale ndipo ndikufuna kusunga mawu anga." Kumbukirani kuti zimene akunena pafonipo ndi mawu apakamwa, ofanana ndi aja a Lolemba masana amene tinati musawadalire. Mwina intaviyu yawo simunapambane n'komwe.

Kusiya ntchito imene mwasayinira kale n'kupita kwina ndi nkhani yolemera kuposa kuchotsa kalata yofunsira, ndipo zisasokonezedwe. Pochotsa kalata palibe pangano limene mukuswa. Pobweza ntchito yosayinira pali pangano, a kampani anauza kale ena onse kuti malo adzaza, ndipo kontirakitiyo ikhoza kukhala ndi mawu okhudza notisi amene muyenera kuwawerenga. Sindikunena kuti sizichitika kapena kuti nthawi zonse n'kulakwa. Pali nthawi imene kusiyana kwa malipiro kapena vuto la pabanja limakakamiza munthu. Koma imeneyo siitheka ndi mizere inayi. Imafuna foni kwa bwana mwiniwake, kupepesa kwenikweni, ndi kuvomereza kuti khomo limenelo mwina latsekeka kwa nthawi yaitali.

Nanga makalata ena aja, khumi kapena makumi awiri, amene sanayankhidwe? Sikofunika kulembera onse. Ofesi imene sinakuyankheni chitumizireni mwina sinafike n'komwe pa dzina lanu, ndipo imelo yochotsa ingangowonjezera mulu. Lemberani kumene anakuitanani, kumene munachita kale mayeso olemba kapena intaviyu, kumene anapempha mayina a okuchitirani umboni, ndi kumene alipo munthu amene anakunenererani. Enawo akadzatulukira mu Julayi n'kukuitanani, muli kale pa ntchito ku Kanengo, ayankheni tsiku lomwelo ndi mizere yomweyi, mutangosintha mawu akuti ndavomera ntchito kwina kuti akhale ndinayamba kale ntchito kwina.